Kope la m'mimba mwa achimwene

Achimwene anga ndi kalipentala ku Chinamwali. Ali ndi zaka 46, ndipo mukawafunsa kutalika kwa chitseko chimene anakhoma chaka chatha ku Sadzi, akuuzani mpaka masentimita ake osayang'ana paliponse. Koma afunseni kuti m'mimba munayamba liti kupweteka, yankho lake ndi "kalekale". Mumapweteka pati? Amayendetsa chikhatho chonse kuchokera pachifuwa kukafika pa lamba. Nthawi yanji? "Nthawi ina iliyonse, iwe."

Ine ndine namwino, ndipo mayankho amenewa ndawamva kwa abambo osawerengeka. Achimwene anali atapita kuchipatala katatu m'miyezi isanu. M'kabuku kawo ka kuchipatala munalembedwa mawu ofanana katatu konse, ndipo katatu konse anabwerako ndi mapiritsi a maginiziyamu. Iwo ankadandaula kuti madokotala safunsa. Ine ndinkadziwa kuti amafunsa, koma pakhomo pakakhala mzere wa anthu ofika kukhonde, wodwala n'kumayankha kuti "paliponse" ndi "nthawi ina iliyonse", dokotala alibe pogwira. Ululu wa m'mimba suoneka ndi maso, ndipo tsiku lopita kuchipatala nthawi zambiri ndi lija m'mimba mwakhala chete.

Kunyumba mlandu anali atagamula kale. Alamu ankati ndi nyemba. Achimwene ankati ndi matemba a ku Chilwa, kenaka anasintha n'kuloza thobwa. Mmodzimmodzi zakudya zinkachoka pa mbale yawo, masiku ena munthu n'kumatsala ndi nsima ya masamba, ululu uli pomwepo.

Ndiye ndinagula kope wamba la ana a sukulu mumsika wa Zomba, ndinatenga lula, n'kuwajambulira. Kope loyambalo ndinalilakwitsa ndekha. Ndinaikamo zigawo 12, monga timachitira pa mapepala a mu wodi: kugona, maganizo, madzi akumwa, kugeya, zonse. Analemba masiku atatu, lachinayi kope linasanduka poikira kapu ya tiyi. Munthu amene manja ake ali ndi guluu ndi utuchi sangadzaze mabokosi 12 tsiku ndi tsiku. Ndinang'amba masambawo n'kuyambanso, ndipo lachiwirili ndi limene ndikufuna kufotokoza.

Mukatsegula kope, masamba awiri oyang'anizana ndi sabata imodzi. Mizere isanu ndi iwiri yopingasa, Lolemba mpaka Lamulungu, uliwonse wotakata ngati zala zitatu kuti ululu ukabwera kawiri pa tsiku pakhale polemba. Tsamba la kumanzere ndi la ululu wokhawokha, ndipo lili ndi zigawo zinayi: tsiku ndi deti, nthawi imene wayamba ndi imene watha, malo, ndiponso mtundu wake ndi mphamvu yake. Tsamba la kumanja ndi la zimene zazungulira ululuwo, zigawo zinayinso: chakudya chomaliza ndi nthawi yake, chilichonse chomeza kapena kumwa chimene si chakudya, chimene chathandiza, ndi chimbudzi pamodzi ndi zina zachilendo. Basi. Cholembera ndinachimangirira ndi ulusi pakati pa kope, chifukwa pensulo ya kalipentala imakhala kukhutu masana ndipo usiku siipezeka.

Pa malo, mawu sathandiza, choncho ndinajambula. Mkati mwa chikuto ndinalemba mimba ngati mphika, nthiti pamwamba, mchombo pakati, n'kuikamo zilembo zisanu. A ndi pachifu, kadzenje kaja kali pansi pa fupa la pachifuwa pamene nthiti zimakumana. B ndi pansi pa nthiti kumanja. C ndi pansi pa nthiti kumanzere. D ndi pozungulira mchombo. E ndi pansi pa mchombo, ndipo apa awonjezere kuti kumanja kapena kumanzere. Lamulo lake linali limodzi: ululu ukayamba, lozani ndi chala chimodzi, osati chikhatho, kenaka onani kuti chala chagwera pa chilembo chiti. Ukathawira kwina, jambulani kamuvi, monga A kulowera kumsana. Ndinasankha zilembo m'malo mwa manambala kuti zisasokonezane ndi manambala a mphamvu.

Chala chimodzicho chili ndi ntchito. Ululu wa pa A umamuganizitsa dokotala za chifu ndi chiyambi cha matumbo. Wa pa B, makamaka wobwera munthu atadya zamafuta monga chipisi ndi nyama yokazinga, n'kumalasa ku phewa la kumanja kapena kumsana, umaloza ku ndulu. Wa pa D ndi E umene umachepa munthu akapita kuchimbudzi umaloza ku matumbo. Zonsezi pakamwa pa wodwala zimatuluka ndi mawu amodzi, "m'mimba", koma kuyeza kwake ndi mankhwala ake n'zosiyana.

Mtundu wa ululu ndinawapatsa mawu anayi oti asankhepo: kuwotcha, kubaya, kupotokola, kulemera. Pa mphamvu ndiye panali kukangana. Kuchipatala timafunsa kuti "pakati pa 0 ndi 10 ululu uli pati", ndipo bambo wa kwathu kuno amayankha 3 nkhope ili thukuta, kapena 10 pofuna kuti mumumvere. Ndinamangirira manambalawo ku ntchito yawo. Kuyambira 1 mpaka 3, mukumva koma randa ikuyendabe. Kuyambira 4 mpaka 6, mukuimaima, kugwira pamimba, n'kupitiriza. 7 kapena 8, mwaika zida pansi, kapena ululu wakudzutsani kutulo. Ndinawauza kuti, "Achimwene, 9 ndi 10 musalembe. Pamenepo muitane njinga yamoto tipite kuchipatala."

Nthawi ndiyo mtima wa kope lonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri amaonongera. Kulemba kuti "usiku" sikukwanira. Pamafunika ola, ndipo foni ili pamutu pa bedi, ndiye palibe chovuta. Pamafunikanso ola limene munadya komaliza, chifukwa chimene dokotala akusaka ndi mpata wa pakati pa ziwirizi. Ululu umene umabwera patangopita mphindi zochepa munthu atadya, ndi ululu umene umadikira maola atatu kapena asanu mpaka m'mimba mutapita mphepo, ndi nkhani ziwiri. Tinagwirizananso kanthu kakang'ono: ululu wa 2 koloko usiku ulembedwe pa mzere wa tsiku limene munadya mgonero, ngakhale deti yasintha, kuti chakudya ndi ululu zikhale pa mzere umodzi.

Chinthu chimene achimwene anachikana kwambiri n'choti masiku opanda ululu nawonso alembedwe. "Ndilembe chiyani poti sindikudwala?" Ndinawauza kuti kumanzere alembe 0, koma kumanja adzaze monga mwa masiku onse, ndiwo za tsikulo ndi nthawi zodyera. Chifukwa chake n'choti mutu wa munthu umasunga mwatsankho. Tsiku limene mwadya nyemba n'kudwala mumalikumbukira mpaka kalekale. Masiku amene mwadya nyemba n'kugona tulo tabwino amangodutsa osasiya phazi. Kope lopanda masiku abwino limangotsimikiza zimene munkaganiza kale.

Anayamba Lolemba pa 3 Juni, kuzizira kwa ku Zomba kutafika pachimake, phiri litavala nkhungu m'mawa uliwonse. Mizere itatu ya sabata yoyamba inali chonchi:

Lachiwiri 4. Ululu 0. Nsima ya nyemba 12:30, nsima ya nyemba 7:00. Palibe chomeza. Chimbudzi bwino.

Lachitatu 5. Kuyamba 1:40 usiku, kutha 2:30. A. Kuwotcha, 7. Nsima ya matemba 7:00. Palibe chomeza. Tiyi ndi mbatata, kunaleka. Chimbudzi bwino.

Lachinayi 6. Kuyamba 4:15 masana, kutha 5:00. A. Kuwotcha, 5. Tiyi ndi mandasi 6:30 m'mawa, nkhomaliro sindinadye. Palibe chomeza. Nthochi ziwiri, kunachepa.

Nditapita Lamulungu kukaona, chigawo cha zomeza chinali "palibe" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Alamu ndi amene anaulula akutipatsa madzi osamba m'manja. Anati, "Nanga timapiritsi ta msana tija simulemba?" Achimwene anayankha mosadabwa n'komwe kuti amenewo si mankhwala a m'mimba, ndi a msana, ndiye akukhudzana bwanji. Anali bulufeni wa pa golosale, awiri m'mawa asanadye kanthu, awiri madzulo, masiku onse amene akhala akupala matabwa chowerama. Pena akasowa bulufeni ankagula indosidi. Kwa miyezi yonseyi achimwene sanauze dokotala aliyense za mapiritsiwa, chifukwa akafunsidwa kuti "mukumwa mankhwala aliwonse?" iwo ankamva kuti akufunsidwa za ochokera kuchipatala.

Tsiku lomwelo ndinafufuta mutu wa chigawocho. Ndinali nditalemba "mankhwala". Ndinalemba "chilichonse chomeza: mapiritsi a mutu, a msana, a pa golosale, azitsamba, soda, mowa, fodya", ndi dzina lake, kuchuluka kwake ndi ola. Ndinawapatsanso envulopu yomata kuseri kwa kope yoti aziponyamo timapepala ta mapiritsi, pakuti mayina amavuta kulemba koma kapepala sikanama. Sabata yoyambayo tinaidzaza pokumbukira ndi alamu. Ndinawauza pomwepo kuti bulufeni amupumitse, msana ukavuta amwe panado. Anavomera ndi pakamwa. Anali ndi oda ya madesiki, ndipo kope likusonyeza kuti anapitiriza masabata ena awiri. Chabwino chake, ankalemba.

Bulufeni, indosidi, dikulofenaki ndi asipulini ndi banja limodzi. Amachotsa ululu ndi kutupa, koma panjira amachepetsa zinthu zimene zimateteza khoma la chifu. Mkati mwa chifu muli madzi owawasa kwambiri ogayira chakudya, ndipo chimene chimaletsa kuti madziwo asadye chifu chenichenicho ndi zoterera ngati therere zimene zimakuta khomalo. Mapiritsi aja akamwedwa masiku ambiri, zotererazo zimapyapyala, khoma n'kuyamba kupsa. Kumwera pa chakudya kumachepetsa kumva kuwotcha, koma sikuchotsa ngoziyo, chifukwa mankhwalawo amagwiranso ntchito kudzera m'magazi. Panado si wa banja limeneli.

Chigawo chomaliza ndi chimene abambo amachita nacho manyazi. Sindinawapemphe zambiri: bwino, cholimba, chamadzi, ndi mtundu wake ngati wasintha. M'munsi mwa chikuto ndinalemba ndi cholembera chofiira zinthu zimene zikaoneka, kope litsekedwe, munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, chomata ndi chonunkha mwachilendo, chifukwa amenewo ndi magazi ochokera kumtunda amene agayidwa panjira. Kusanza magazi, kapena zakuda zooneka ngati masese a khofi. Ululu wadzidzidzi woopsa mimba n'kuuma ngati thabwa. Chizungulire ndi kuyera kwa m'maso ndi m'manja. Chakudya kukakamira pammero, kusanza kosalekeza, maso achikasu, ndi kuonda popanda chifukwa. Ndinawonjezanso ululu wa pa A umene umabwera pokwera chitunda kapena ponyamula katundu, limodzi ndi thukuta ndi kubanika, pakuti mtima nthawi zina umadandaulira pachifu. Mapiritsi owonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, n'chifukwa china chimene chigawo cha zomeza chiyenera kukhala chodzaza. Pa za kuonda, lamba ndi maso a alamu sizikwanira, ndiye Lolemba lililonse ankakwera sikelo imodzimodzi n'kulemba pamwamba pa tsamba. Masabata onse anayi anali makilogalamu 64.

Kuti ndinene mosabisa, kope lotere ndi la ululu umene umabwera n'kumapita, mwa munthu amene waonedwapo kale ndipo alibe zizindikiro zofiira zija. Si chifukwa chokhalira kunyumba mwezi wathunthu. Masabata awiri amakwana ngati ululu ukubwera pafupipafupi. Ife tinafika anayi chifukwa masiku abwino ankachuluka.

Pa 30 Juni tinakhala pakhonde n'kuwerenga. Masiku 28. Ululu unabwera masiku 11, ndipo 17 anali a 0. Onse 11 anali pa A, onse kuwotcha. Mwa amenewo, 8 anali a usiku pakati pa 1 ndi 3 koloko, ndipo atatu otsalawo anali a cha m'ma 4 masana, masiku amene nkhomaliro inadumphidwa. Pafupifupi nthawi zonse kudya kanthu kunkautontholetsa. Nyemba anadya masiku 9, ululu unagwera pa atatu okha, zimene sizisiyana ndi masiku ena onse. Alamu anaseka n'kunena kuti nyemba zawina apilo. Bulufeni anamwedwa masiku 13, ndipo masiku 10 mwa 11 a ululu anali tsiku lomwa mapiritsiwo kapena lotsatira.

Dokotala sangawerenge masamba asanu ndi atatu a zolemba za kalipentala anthu akudikira panja. Ndiye tsamba loyamba la kope, limene ndinalisiya dala lopanda kanthu, tinalidzaza pomaliza ndi mizere isanu ndi umodzi: kuyambira liti mpaka liti, masiku angati a ululu mwa angati, malo ndi mtundu, nthawi yake poyerekeza ndi chakudya, zomeza zonse ndi masiku ake, kulemera kwa thupi ndi mawu oti palibe chimbudzi chakuda kapena kusanza. Osalembapo dzina la matenda limene mukuganiza. Ndinawaletsa kulemba "zilonda za m'mimba" ngakhale ine ndemwe ndinkaziganiza, chifukwa dokotala akapatsidwa yankho amayamba kuliteteza kapena kulitsutsa, m'malo moona manambala.

Ndinawaperekeza koma ndinakhala chete pa mpando wa pakona. Adokotala anawerenga tsamba loyamba, anatsegula sabata yachitatu, n'kuika chala pa mzere wina. "Bambo, omepurazo uyu anakupatsani ndani?" Achimwene anati mnzawo wa ku shedi anawagawira makapisozi amenewa, ochepetsa madzi owawasa aja, anamwa kuyambira pa 21 mpaka pa 27, ndipo masiku amenewo anagona bwino. Ine ndinali nditauona mzerewo koma sindinauganizire mokwanira. Adokotala anafotokoza kuti akufuna kuyeza chimbudzi pofufuza kachilombo kotchedwa Helikobakita pailori, koma omepurazo amakafooketsa kachilomboko kwa kanthawi, moti kuyeza kungaonetse kuti kulibe pamene kalipo. Pamafunika masabata awiri munthu atasiya omepurazo, ndi anayi atasiya mankhwala opha mabakiteriya monga amokisilini. Popeza panalibe chizindikiro choopsa, anawauza abwerenso pakati pa Julayi, bulufeni asiyiretu, ululu ukavuta amwe maginiziyamu uja. Chipanda mzere umenewo, akanayezedwa tsiku lomwelo, mwina n'kuuzidwa kuti alibe kanthu.

Kachilomboka ndi kamene kanasintha nkhani yonse ya zilonda za m'mimba. Kale madokotala ankaloza tsabola ndi nkhawa, monga alamu ankalozera nyemba. Mu 1982 madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakapeza m'chifu cha odwala, ndipo mu 2005 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Kamakhala m'chifu zaka zambiri, anthu ochuluka ali nako osadwala, koma kakakumana ndi mapiritsi a banja la bulufeni, khoma limamenyedwa mbali ziwiri. Ululu wowotcha pachifu m'mimba mukakhala mopanda kanthu, wodzutsa munthu pakati pa usiku ndi kuleka akadya, ndi khalidwe lodziwika la chilonda cha pachiyambi pa matumbo, pamene madzi owawasa aja amatsikira popanda chakudya chowasungunula. Komabe adokotala ananenetsa, ndipo ndikugwirizana nawo, kuti kope silipeza matenda. Anthu ena ali ndi ululu wa ndondomeko yomweyi popanda chilonda, ena ali ndi chilonda chosapweteka mpaka tsiku limene chatuluka magazi. Chilonda chimaoneka ndi kachipangizo kounikira kolowetsa kukamwa, ndipo anati zimenezo zidzafunika ngati ululu supola ndi mankhwala kapena sikelo ikayamba kutsika.

Kuyeza kunapeza kachilomboko. Anapatsidwa omepurazo ndi mitundu iwiri ya mankhwala opha mabakiteriya kwa masiku 14, umodzi mwa iyo fulajilo, amene sayanjana ndi mowa ngakhale pang'ono. Kope linagwiranso ntchito ina: m'chigawo cha zomeza ankachonga m'mawa ndi madzulo, chifukwa mankhwalawa amawawa m'kamwa, ululu umatha sabata yoyamba, ndipo ambiri amasiyira pomwepo kachilombo n'kutsala. Anauzidwanso kuti akayezetsenso patapita masabata osachepera anayi atamaliza, kuti atsimikize kuti katha. Tebulo lawo lopalira matabwa analikweza ndi njerwa ziwiri mwendo uliwonse kuti asamawerame kwambiri, nzeru imene inachokera kwa iwo eni, osati kwa ine.

Ogasiti yense anali 0, ndipo anapempha kuti asiye kulemba tsiku ndi tsiku. Tinagwirizana kuti azilemba pokhapokha pakachitika kanthu. Nditatsegula kope sabata yatha ndinapeza mzere umodzi wokha mu Seputembala, wolembedwa mopendekera ngati wa mumdima. Anali ku maliro ku Jali, atathandiza kukhoma bokosi ndi kugona pansi masiku awiri. Kuyamba 2:10 usiku, A, kuwotcha, 4. M'chigawo cha zomeza analemba kuti "kapisozi mmodzi wa msana, anandipatsa amalume", ndipo kapepala kake kanali mu envulopu. Kanali ka indosidi.